Phukusi likagwidwa ku kasitomu: mapepala omwe amaliombola

Phukusi lililonse lochokera kunja, kaya labwera pa ndege kudzera pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kapena ku Chileka, kaya ladutsa pa chipata cha Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe, limayamba laonedwa ndi akuluakulu a kasitomu a bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, MRA mwachidule, lomwe lidayamba ntchito zake m'chaka cha 2000. Anthu ambiri akamva kuti katundu wawo wagwidwa amaganiza kuti walandidwa. Kawirikawiri sizikhala choncho. Nthawi zambiri wa kasitomu amakhala akudikira yankho la mafunso atatu: muli chiyani m'phukusimo, n'cha ndalama zingati, ndipo n'chololedwa kulowa m'dziko muno? Pepala lililonse lomwe amafuna limayankha limodzi mwa mafunsowa.

Pepala loyamba ndi la ulendo wa katunduyo. Phukusi lobwera pa ndege kapena ndi kampani yonyamula makalata limakhala ndi weyibilu, pomwe pamalembedwa nambala ya phukusi, dzina la wotumiza, la wolandira ndi kulemera kwake. Lodzera ku positi ofesi limakhala ndi fomu ya CN22 likakhala laling'ono, kapena CN23 likakhala lalikulu kapena la mtengo wokwera, ndipo wotumiza ndiye amalemba pa fomuyo zomwe zili m'kati. Dzina lomwe lili pa pepalali liyenera kufanana ndi la pa chiphaso cha unzika kapena pasipoti ya wolandira. Amene atuma mbale wake kukatenga amupatse kalata yomuloleza ndi kope la chiphaso chake.

Koma mtima wa nkhaniyi uli pa invoisi. Invoisi yothandiza ndi yomwe wogulitsa amapereka malonda atachitika, yokhala ndi dzina ndi keyala ya wogulitsa ndi wogula, tsiku, nambala yake, mtundu wa ndalama, ndiponso katundu aliyense payekha ndi chiwerengero ndi mtengo wake. Mawu ongoti "zovala" kapena "zipangizo" sakwanira, chifukwa msonkho umasiyana malingana ndi gulu lomwe katunduyo ali m'buku la misonkho ya kasitomu; nsapato zachikopa ndi zapulasitiki zili m'magulu osiyana. Invoisi ya pulofoma, yomwe wogulitsa amapereka munthu asanalipire, imangonena mtengo womwe ankayembekezera, choncho payokha ndi umboni wofooka.

Invoisi imalimba ikatsagana ndi umboni wa malipiro: chikalata cha kubanki chosonyeza ndalama zomwe zidatumizidwa, sitetimenti ya khadi, kapena uthenga wotsimikiza oda kuchokera ku sitolo ya pa intaneti. Chifukwa chake n'chakuti Malawi ndi membala wa bungwe la World Trade Organization kuyambira 1995, ndipo pangano la bungweli limati mtengo woyamba kuganiziridwa ndi womwe wogula adalipiradi. Wa kasitomu akakayika ndipo mwini katundu akalephera kupereka umboni, amaloledwa kuika mtengo poyerekeza ndi katundu wofanana naye yemwe adalowapo kale. Apa ndi pomwe ambiri amadandaula kuti awadulira msonkho, chonsecho adapita chimanjamanja.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Lilongwe yemwe wagula mapeyala khumi a nsapato pa madola 200 kudzera kwa mchimwene wake wokhala ku Joni, ndipo kutumiza kwadya madola 60. Mchimweneyo, pofuna kuthandiza, walemba pa fomu kuti ndi mphatso ya madola 20. Wa kasitomu akatsegula akupeza nsapato khumi zatsopano, zamasaizi osiyanasiyana, zikadali m'mabokosi. Palibe amene angakhulupirire kuti ndi mphatso ya munthu mmodzi, ndipo phukusilo liima pomwepo.

Chomwe chingamupulumutse mayiyu ndi lisiti ya sitolo yomwe nsapatozo zidagulidwa, umboni wa ndalama zomwe adatumizira mchimwene wake, ndi lisiti ya kampani yonyamula katundu. Lisiti yomalizayi ambiri amaiiwala, koma msonkho suwerengedwa pa mtengo wogulira wokha: amaphatikiza ndalama zonyamulira ndi za inshuwalansi ngati ilipo. Mtengo wa kasitomu ukhala madola 260, osati 200, ndipo ausintha kukhala makwacha potsata mlingo womwe MRA ikugwiritsa ntchito panthawiyo, osati wa pamsika wa mseri. Tingoyerekeza kuti msonkho wa nsapatozo ndi 25 peresenti: ndiye kuti ndi madola 65. Msonkho wa VAT ubwera pamwamba pa zonsezi, kutanthauza kuti auwerengera pa madola 325. Pali katundu wina yemwe amalipiranso msonkho wa ekisaizi VAT isanawerengedwe.

Mawu oti "mphatso" paokha sachotsa msonkho. Ngakhale chinthu chomwe munthu wapatsidwa ulere chili ndi mtengo, ndipo kalata ya wotumiza yofotokoza chomwe chili, mtengo wake ndi ubale wawo imathandiza kuti mtengowo uikidwe moyenera. Choopsa ndi kupempha wogulitsa kuti alembe invoisi yachiwiri ya mtengo wotsika. Kunama pa mapepala a kasitomu ndi mlandu pansi pa lamulo la Customs and Excise Act, ndipo chilango chake chikhoza kukhala chindapusa kapena kulandidwa katundu. Bodzali siliuma kuligwira: nambala za invoisi sizigwirizana ndi za kubanki, kapena kulemera kwa pa weyibilu kumaposa zomwe zalembedwa.

Mayi uja akhoza kufunsa ngati nsapato zake sizingalowe mwa msonkho wotsika popeza Malawi ndi South Africa onse ali mu SADC. Yankho lagona pa komwe zidapangidwira, osati komwe zidagulidwa. Nsapato zopangidwa ku China n'kugulitsidwa ku Joni sizipeza mwayiwu. Ndipo ngakhale zopangidwa ku South Africa komweko zimafuna satifiketi ya SADC yotsimikiza dziko lomwe zidapangidwira, yomwe amakonza ndi wotumiza katunduyo asananyamuke. N'chimodzimodzi ndi katundu wa m'maiko a COMESA.

Pali maphukusi ena omwe invoisi, ingakhale yabwino chotani, siingawatulutse. Mankhwala amafuna chilolezo cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Mbewu, zomera ndi zochokera ku nyama zimafuna chilolezo cha unduna wa zamalimidwe. Zipangizo zina zoulutsira mawu zimafuna chivomerezo cha MACRA. Zilolezozi zimayenera kutengedwa katundu asanatumizidwe, ndipo kuzifunafuna phukusi litafika kale kumatenga nthawi.

Katundu akakhala wambiri kapena wamalonda, mwini wake amafunika nambala ya msonkho ya TPIN ndi ejenti wovomerezeka ndi MRA, yemwe amalowetsa Fomu 12 pa makina a ASYCUDA World. Mndandanda wa zomwe zili m'bokosi lililonse umafulumizitsa ntchito yoyendera katunduyo. Ejenti akanena ndalama zofunika, ndi bwino kumupempha chikalata cha MRA chosonyeza msonkho womwe wawerengedwa, chifukwa malipiro a ejenti ndi a kampani yonyamula katundu si msonkho, ndipo chilichonse chili ndi lisiti yakeyake.

Amene sakugwirizana ndi mtengo womwe waikidwa ali ndi ufulu wolembera mkulu wa kasitomu pa siteshoniyo, n'kuphatikizapo umboni wake. Achite zimenezi msanga, popeza ndalama zosungira katundu zimakwera tsiku ndi tsiku, ndipo phukusi lomwe lakhalitsa osaomboledwa limasamutsidwira ku nyumba yosungiramo katundu ya boma, komwe pamapeto pake limagulitsidwa pa okushoni.