Osayinira: kalata yosintha mayina kubanki

Osayinira ndi anthu amene mpingo kapena kalabu yawasankha kuti azisayina kubanki m'malo mwa gulu lonse. Ndalama si zawo ayi. Iwo angopatsidwa mphamvu yolamula banki kuti itulutse ndalamazo. Magulu ambiri amasankha atatu, wapampando, mlembi ndi msungichuma, n'kugwirizana kuti awiri mwa iwo akasayina, ndalama zituluke.

Tiyerekeze kuti msungichuma wa bungwe la amayi wasamukira ku Mzuzu, ndipo mwasankha wina. Banki siidziwa za chisankho chanucho. Kwa iyo, wosamukayo akadali ndi mphamvu mpaka italandira kalata. Kalatayo itchule dzina la akaunti monga linalembedwera potsegula, nambala yake, amene akuchoka, amene akulowa ndi udindo wake, komanso tsiku la msonkhano umene unagamula zimenezi. Inenenso momveka ngati lamulo la awiri mwa atatu likupitirira. Muphatikizepo maminitsi a msonkhanowo ndi fotokope ya chitupa cha unzika cha wolowayo, amene nthawi zambiri amayenera kupita yekha kukasiya siginecha yake pa fomu.

Pamene ambiri amapunthwa ndi apa: kalatayo amaisayinitsa kwa atsogoleri atsopano okhaokha. Banki imayerekeza siginecha ndi zimene inasunga kale, choncho kawirikawiri imafuna kuti osayinira akale avomereze. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti wochokayo asayine asananyamuke. Ngati wamwalira, funsani banki umboni umene ikufuna musanalembe kalatayo.