Mendulo imene mwini wake sanaione

M'manyumba ena kuno kwathu mukali mamendulo amene agogo athu anabwera nao kucokera ku nkhondo ya ku Burma. Timangowacha onse kuti mamendulo, koma sali ofanana. Burma Star inali kupatsidwa kwa msilikali aliyense amene anatumikira ku dera limenelo pa nthawi yoikika. Imacitira umboni kuti munthuyo analiko. Mendulo ya kulimba mtima ndi nkhani ina, cifukwa imanena za cinthu cimodzi cimene munthu anacita pa tsiku lodziwika.

Pa mamendulo a asilikali a Britain, yapamwamba koposa ndi Victoria Cross, imene Mfumukazi Victoria anakhazikitsa mu 1856. Msilikali sadzipemphera yekha. Mkulu wa gulu lake ndiye amalemba zimene zinacitika, ndipo kawirikawiri pamafunika mboni zitatu. Kalatayo imakwera kwa akuluakulu mmodzimmodzi mpaka kufika kwa mfumu, ndipo aliyense pa njirapo akhoza kuikana kapena kunena kuti mendulo yocepa ikwanira. Apa tiona kale vuto: amene analimba mtima popanda womuona, kapena mboni zake zinafera pamodzi naye, sawerengedwa.

Poyamba akufa sanali kupatsidwa mendulo imeneyi. Pa 22 January 1879, Azulu atagonjetsa asilikali a Britain ku Isandlwana, maofisala awiri, Teignmouth Melvill ndi Nevill Coghill, anayesa kupulumutsa mbendera ya gulu lao. Pa mtsinje wa Buffalo madzi anakokolola Melvill. Coghill anali ataoloka kale, koma anabwerera kukamthandiza ngakhale bondo lake linali lovulala. Onse awiri anaphedwa kutsidya, ndipo mbendera inapezeka m'mtsinje patapita masiku. Boma linangolengeza kuti akadakhala ndi moyo, maina ao akadaperekedwa kuti alandire Victoria Cross.

Ife tiona kuti lamuloli linali lokhota. Amene anaika moyo wake pa ngozi napulumuka anali kulemekezedwa, pamene mnzake amene anacita zomwezo nafa anali kungochulidwa m'nyuzipepala ya boma. Mabanja anapitiriza kupempha. Mu 1907 Mfumu Edward VII inavomera, ndipo abale a Melvill ndi Coghill analandira mamendulo patapita zaka 28. Mu 1920 lamulo linalembedwa momveka kuti wakufa akhoza kupatsidwa.

Ngakhale zinali tero, cipata sicinatseguke conse. Pa nthawi imene agogo athu anali ku Burma, mamendulo ocepa monga Military Medal anali a amoyo okha, ndipo zimenezi zinasintha mu 1979. Msilikali wa Northern Rhodesia Regiment akafa akucita camuna pamaso pa adani, akuluakulu ake anali ndi njira ziwiri cabe: kumpemphera Victoria Cross, imene inali yosowa kwambiri, kapena kungochula dzina lake m'lipoti la nkhondo.