Funsani Timve: Ndani anaika malire pa ndalama za pafoni?

FUNSO: Ndinagulitsa soya kwa venda wina ndipo tinagwirizana kuti andilipire pafoni. Chigawo choyamba chinalowa bwinobwino, koma chachiwiri chinakana, uthenga nʼkunena kuti akaunti yanga yafika pa malire. Chonsecho mnzanga wa golosale amalandira ndalama zoposa pamenepo. Kodi malirewa anachokera kuti, nanga nʼchifukwa chiyani amasiyana pakati pa anthu? — Mlimi wa ku Mchinji

YANKHO: Bambo, muzu wa malire amenewa ndi wakale kuposa ndalama za pafoni zenizenizo. Mu 1989 mayiko olemera a gulu la G7 atakumana ku Paris anakhazikitsa bungwe la FATF kuti lilimbane ndi anthu obisa ndalama zopezeka mwachinyengo, makamaka za mankhwala ozunguza bongo. Limodzi mwa malangizo ake ndi lakuti banki izimudziwa bwino mwini akaunti: dzina lake lenileni, kumene amakhala ndi kumene ndalama zake zimachokera. Kwa munthu wolembedwa ntchito m'tauni zimenezi si vuto. Koma mlimi wa kumudzi alibe pepala la malipiro, alibe bilu ya madzi, ndipo kuno kwathu anthu ambiri analibe ngakhale chiphaso cha unzika mpaka kalembera wamkulu wa 2017.

Ndiye M-Pesa itayamba ku Kenya mu 2007, kenaka Airtel Money nʼkufika ku Malawi mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, akuluakulu oyang'anira zachuma anapezeka pa mphambano. Kuumirira mapepala onse kukanatsekera kunja anthu omwewo amene njirayi inabwerera, pomwe kulola aliyense popanda funso kukanatsegulira mbava khomo. Anasankha njira yapakati: amene wadziwika pang'ono aloledwe kusunga ndi kutumiza zochepa, amene wadziwika bwino aloledwe zambiri. Mbava yofuna kutsuka mamiliyoni ilibe nayo ntchito akaunti yaing'ono. Apa ndi pamene panachokera magulu a maakaunti.

Mexico inakhazikitsa magulu anayi mu 2011, ndipo Nigeria inatsatira ndi atatu mu 2013. Pamene banki yaikulu ya Nigeria inakonzanso malamulowa mu 2017, munthu wa gulu loyamba ankaloledwa kuyendetsa manaira 50,000 patsiku ndi kusunga 300,000, pomwe wa gulu lachitatu, wopereka umboni wonse, ankayendetsa 5,000,000 patsiku popanda malire a zosunga. Kuno mwini malamulo ndi Banki Yaikulu ya Malawi, ndipo kumbuyo kwake kuli lamulo lothana ndi milandu ya zachuma la 2017. Mnzanu wa golosale uja, ndikukhulupirira, ali ndi akaunti ya bizinesi, pomwe yanu ndi ya munthu wamba.

FUNSO: Nanga bwanji chigawo choyamba chinalowa?

YANKHO: Chifukwa malire si amodzi, alipo atatu, ndipo anthu timawasokoneza. Oyamba ndi a ndalama zimene mungatumize ulendo umodzi. Achiwiri ndi a zonse zimene mwayendetsa tsikulo mukaziphatikiza. Achitatu ndi a ndalama zimene zingakhale mu akaunti pa nthawi imodzi. Ku Kenya, kuyambira mu 2023, wa M-Pesa amatumiza mashiling'i osaposa 250,000 ulendo umodzi, 500,000 patsiku, ndipo amasunga osaposa 500,000.

Tiyeni tiwerengere nkhani yanu ndi manambala ongoyerekeza, poti enieniwo amasinthasintha. Tinene kuti ulendo umodzi ndi K500,000, patsiku ndi K1,000,000, ndipo zosunga ndi K1,000,000. Venda akuyenera kukupatsani K1,200,000, koma mu akaunti yanu muli kale K350,000 ya feteleza. Akatumiza K500,000 yoyamba ilowa, ndipo mukhala ndi K850,000. Akatumiza yachiwiri ikana, chifukwa mukanafika pa K1,350,000. Malo otsala ndi a K150,000 basi. Venda sanalakwe, netiweki sinavute. Nkhokwe yanu ndi imene yadzaza, ndipo mudzafunika kutapamo kaye kuti muthiremo zina.

Mukasamutsira K800,000 ku banki, maulendo awiri, mutsala ndi K50,000, ndipo K500,000 yachiwiri ija ilowa. Koma pamenepo venda wafika pa K1,000,000 yake ya tsikulo, ndiye K200,000 yotsalayo idikira mawa. Onaninso kuti kusamutsa kwanu kuja kwadya gawo lalikulu la malire anu a tsikulo, komanso kuli ndi kamtengo kake. Nʼchifukwa chake ndimalangiza kuti musanakweze matumba pagalimoto, yang'anani kaye zimene zili mu akaunti, mudziwe malo otsala. Kuwerengera kumeneku kumachitika katundu akadali pakhomo, osati venda ataliza kale injini.

Werengani uthenga wokana uja mosamala, chifukwa umakuuzani malire amene mwagunda. Ukanena za tsiku, dikirani mawa. Ukanena za zosunga, kudikira sikuthandiza ngakhale mutagona sabata. Ndipo ejenti akakuuzani kuti sangakupatseni ndalama zambiri chotero, kawirikawiri si malire anu ayi, ndi iyeyo amene alibe ndalama zokwanira m'kabati. Mukafuna kuika iye nʼkuti "floti yatha", ndi zomwezo: vuto ndi lake, pitani kwa wina.

FUNSO: Ndingatani kuti malire anga akwere?

YANKHO: Amakwera m'njira ziwiri. Yoyamba si ya inu: Banki Yaikulu ikavomereza, kampani imakweza malire a anthu onse. Izi zimafunika ndithu ndalama ikagwa mphamvu. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malire omwe kale ankakwana matumba angapo a feteleza anayamba kukwana ochepa, nambala yake isanasinthe. Ku Kenya anakweza mu Malichi 2020, nthawi ya Kovidi, pofuna kuti anthu asamagwiregwire ndalama zamapepala.

Yachiwiri ili m'manja mwanu, ndipo ndi umboni. Pitani nokha ku ofesi ya kampaniyo ndi chiphaso cha unzika chosatha ntchito, ndipo dzina la pa simukhadi lifanane ndi la pachiphaso. Ambiri amagwa apa: nambala inalembetsedwa m'dzina la mkazi wawo kapena la mwana wa achimwene, ndiye akauntiyo, pamaso pa malamulo, si yawo. Ngati mumagulitsa mbewu chaka ndi chaka, funsani za akaunti ya bizinesi. Adzafuna kuona chiphaso cha bizinesiyo, ndipo mwina nambala ya msonkho. Ku banki nakonso ndi chimodzimodzi: akaunti yotsegula ndi chiphaso chokha imakhala yopanikiza, koma mukaonjezera umboni wa kumene mumakhala ndi wa kumene ndalama zimachokera, amakukwezani. Kwa mlimi wolandira zambiri kamodzi pachaka, ine ndikuona kuti chanzeru nʼkukhala ndi akaunti ya ku banki yolumikizidwa ku foni, ndalama zikuluzikulu zizifikira kumeneko.

Njira zachidule ndi zimene zimapweteketsa. Kumwaza ndalama m'manambala a abale kumafanana ndendende ndi mmene obisa ndalama amachitira, ndipo makina a kampani akaona zotere angathe kuimitsa akaunti mpaka mutakafotokoza. Komanso ndalama ikalowa m'nambala ya mlamu wanu, mwini wake pamapepala ndi mlamuyo. Ndipo wina akakuimbirani kuti ndi wa ku kampani, akufuna kukukwezerani malire, mungomuuza pini kapena nambala imene yabwera pa uthenga, dulani foniyo. Wa ku kampani weniweni safunsa pini.