Kunenepa pa Msinkhu Wosiya Kusamba: Ndi Mahomoni Kapena Zizolowezi?

Azimai ambili amasiya kusamba ali ndi zaka pakati pa 45 ndi 55. Timati mai wasiyilatu pakapita miyezi 12 osaona msambo. Pa zaka zimenezi citenje cimayamba kuthina m'ciuno, ndipo timafulumila kunena kuti ndi mahomoni. Mahomoni ali ndi mbali yake, koma si onse amene amacititsa.

Zimene mahomoni amacita

Homoni yochedwa esitirojeni ikacepa, mafuta amene kale anali kukhala m'matako ndi m'nchafu amayamba kuunjikana pamimba. Nchito yake yaikulu ndi kusintha malo a mafuta. Imabweletsanso kutentha thupi ndi thukuta la usiku, ndipo munthu wosagona bwino amamva njala kwambili masana.

Zimene zizolowezi zimacita

Makilo oonjezeka pa sikelo, nthawi zambili theka la kilo kapena kupitililako pang'ono pa caka, amabwela makamaka cifukwa tikukula ndipo sitiyendanso ngati kale. N'cifukwa cake azibambo a msinkhu umenewu nawonso amamela mimba.

Tiyelekeze mai wa ku Kanyama amene anali kuyenda wapansi kukaoda tomato ku msika wa Soweto, mphindi 40 tsiku lililonse. Tsopano amakwela minibasi, madzi amatunga ndi adzukulu, ndipo iye amakhala pa kantemba tsiku lonse. Mphamvu imene ulendo uja unali kudya ndi yofanana ndi ya sipuni imodzi yaikulu ya saladi ndi kakang'ono pamwamba. Ulendo watha, koma nsima, vitumbuwa ndi tiyi wa shuga sizinacepe. Zotsalazo thupi limasunga, ndipo kucepa kwa esitirojeni kumaziika pamimba.

Mmene tingadziyezele

Mafuta a pamimba ndi amene amakweza ngozi ya matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Titenge tepu ya atelala, tiyeze mozungulila pamwamba pang'ono pa mcombo titatulutsa mpweya. Muyeso usafike theka la msinkhu wathu: wamtali masentimita 160 akhale pansi pa 80.

Ngati wapitilila, tibweze zimene zinacoka. Tiyende mofulumila mphindi 30 masiku asanu pa sabata, tiyeze saladi ndi sipuni, ticotse cipande cimodzi ca nsima n'kuonjezela repu, cibwabwa kapena nyemba.

Pamene tiyenela kupita ku cipatala

Kunenepa mwamsanga m'masabata ocepa, pamodzi ndi kutupa miyendo kapena kupuma movutika, kungakhale madzi ocokela ku vuto la mtima kapena impso. Kuonanso magazi titasiya kale kusamba kumafunanso kupimidwa. Mankhwala ena, kuphatikizapo ena otalikitsa moyo, amanenepetsa, koma tisawasiye tokha. Tikafotokoze ku zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama, kapena ku makiliniki a Kalingalinga, Mtendere ndi George, ndipo tikapemphe kutiyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi.