Kodi OCR N'chiyani?

OCR ndi njira imene kompyuta imazindikirira zilembo pa chithunzi n'kuzisandutsa mawu oti munthu angathe kukopera kapena kukonza. Kompyutayo siwerenga ngati munthu, imangofananitsa maonekedwe a zilembo. Ikapanda kuziona bwino, imabweza tsamba lopanda kanthu kapena mawu oduka.

Titenge lisiti la m'sitolo limene lakhalitsa m'thumba. Pepala lake limalembedwa ndi kutentha, choncho limafufutika msanga. Pulogalamu ya Tesseract ingawerenge dzina la sitolo bwinobwino, koma pa mtengo n'kulemba O pamene pali 0, kapena l pamene pali 1. Apa mpoopsa kuposa tsamba lopanda kanthu, chifukwa cholakwikacho chimabisala.

Zikatere, jambulaninso. Yalani pepalalo pathebulo, pamalo owala koma opanda mthunzi, foni ili chopenyetsa pansi osapendeka. Ngati muli ndi sikana, ikani pa 300 dpi. Chithunzi chobwera pa WhatsApp chimakhala chitachepetsedwa, ndiye pemphani kuti achitumize ngati `Document`.

Mawu amene asowabe musawalote. Lembani kuti "pano sipakuwerengeka", ndipo manambala onse muwayerekeze ndi pepala lenilenilo.