Mchewa wa ku Mufakose amene sadziwa Chichewa

M'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963, anthu ambiri a ku Nyasalande anatsikira ku Salisbury kukafuna ganyu. Amene sanabwerere kwawo ankawatcha matchona. Zidzukulu zawo lero zili ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, ndipo zambiri zimayankhula Chishona chokhachokha. Kodi ndi Achewa?

Funsoli limavuta chifukwa timasakaniza zinthu zitatu: chiyankhulo, mtundu ndi unzika. Chiyankhulo chimatha pang'onopang'ono. Agogo amayankhula Chichewa, ana awo amamva koma n'kuyankha m'Chishona, zidzukulu zimangotsala ndi moni. Unzika ndi nkhani ya boma. Lamulo la ku Zimbabwe la 2001 linasiya ambiri opanda dziko, zitupa zawo zitalembedwa kuti ALIEN, mpaka malamulo aakulu a 2013 anazindikira obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC, n'kuikanso Chichewa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka.

Pa mtundu m'pamene pagona nkhani. Tiyerekeze bambo wa ku Dedza amene anakwatira mkazi wachishona ku Mufakose. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi: amawerengedwa mu mbumba ya amalume ake, ndipo malo olima amawapeza kumudzi kwa mayi ake. Choncho ku Dedza mwana wa banjali ndi mlendo, ngakhale dzina lake likhale Phiri. Kwa Ashona mwana ndi wa kuchimuna: amatenga mutupo wa bambo ake, ndipo bamboyo ndi Mubhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre limene amaitanira Mchewa, Myao ndi Mtumbuka mosasiyanitsa. Mbali iliyonse ikumupereka ku mbali inzake. Akanati adziwe Chichewa chakuya bwanji, mfundo imeneyi sikanamasuka, chifukwa chimene chasemphana ndi kawerengedwe ka mzere wa makolo.

Zimaonekera pa ukwati ndi pa maliro. Akuchikazi akafunsa mutupo ndi mudzi wa mnyamata asanalandire malowolo, kapena pakafunika mwinimaliro woti alamule za manda, banja limadziwa pomwe laima. Ambiri amathamangira ku mabungwe a maliro amene agogo awo anayambitsa, ku mpingo wa CCAP, kumzikiti, kapena kudambwe. Gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, amavinidwabe m'malokeshoniwa, ndipo mnyamata wometa amaimba nyimbo za Chichewa ngakhale kunyumba sachiyankhula.

Ine ndimati anthuwa sanachoke mu mtundu wawo. Angoni a ku Ntcheu anasiya Chingoni kalekale, koma palibe amene amawakana ungoni, poti ali ndi Inkosi Gomani, ngoma ndi midzi yawo. Chimene mdzukulu wa ku Mufakose akusowa ndi mudzi womuvomereza. Akakwera basi n'kufika ku Dedza, amfumu sayamba kumuyesa Chichewa. Amafunsa kuti agogo ake anabadwa kwa mayi uti, ndipo wina wa m'mbumbamo ayenera kuimirira n'kunena kuti uyu ndi wathu.