Kusanja zotsatira za kufufuza pogwiritsa ntchito TF-IDF

TF-IDF ndi njira yowerengera yomwe makina ofufuzira amagwiritsa ntchito posankha chikalata choyenera kuoneka poyamba munthu akalemba mawu angapo ofuna kufufuza. Chikalata chilichonse chimapatsidwa malikisi, ndipo chomwe chapeza malikisi ambiri chimaikidwa pamwamba. Mfundo yake ndi yakuti mawu a m'funso salemera mofanana: liwu lopezeka m'zikalata zochepa limathandiza kwambiri kulozera chimene munthu akufuna kusiyana ndi liwu lopezeka paliponse.

Mbiri

Mu 1957, Hans Peter Luhn wa kampani ya IBM anafotokoza kuti kubwerezedwa kwa liwu m'chikalata kumasonyeza nkhani imene chikalatacho chikukamba. Mu 1972, Karen Spärck Jones wa ku Yunivesite ya Cambridge anaonjezera mbali yachiwiri, yakuti liwu lizichepetsedwa mphamvu ngati likupezeka m'zikalata zambiri. TF-IDF imaphatikiza maganizo awiriwa.

Kawerengedwe kake

Chiwerengero choyamba, `tf`, ndi maulendo amene liwu lapezeka m'chikalata chimodzi. Chachiwiri, `idf`, ndi kulemera kwa liwulo, ndipo chimapezeka motere:

```
idf = log10(N / df)
```

Apa `N` ndi zikalata zonse, pomwe `df` ndi zikalata zomwe muli liwulo. Makina amachulukitsa `tf` ndi `idf` pa liwu lililonse la m'funso, kenako n'kuphatikiza mayankhowo kuti apeze malikisi a chikalatacho.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti nkhokwe ili ndi zikalata 1,000 za ulimi, ndipo wina walemba kuti "matenda a chinangwa". Liwu loti "a" lili m'zikalata zonse, choncho kulemera kwake ndi 0 ndipo silisintha kanthu. Liwu loti "matenda" lili m'zikalata 100, kulemera kwake ndi 1. Liwu loti "chinangwa" lili m'zikalata 10 zokha, kulemera kwake ndi 2.

Chikalata choyamba chikukamba za matenda a mbewu zosiyanasiyana. Chatchula "matenda" ka 8 ndi "chinangwa" kamodzi, motero malikisi ake ndi 8 kuphatikiza 2, omwe ndi 10. Chikalata chachiwiri chatchula "matenda" ka 3 ndi "chinangwa" ka 5, motero chapeza 3 kuphatikiza 10, omwe ndi 13. Mawu awiriwa akanangowerengedwa popanda kuwalemeretsa, choyamba chikanapambana ndi 9 pomwe chachiwiri chikanakhala ndi 8. Kulemera kwa liwu losowa ndi kumene kwakweza chikalata chomwe chikukambadi za chinangwa.

Zofooka ndi kukonza kwake

Vuto loyamba ndi kubwereza. Chikalata chachitatu chonena za matenda a nkhuku, chomwe chatchula "matenda" ka 30 osatchula chinangwa n'komwe, chingapeze 30 n'kuposa zinzake zonse. Chizindikiro cha vutoli ndi pamene zotsatira zapamwamba zili ndi liwu limodzi lokha la m'funso, lobwerezedwa kwambiri. Pofuna kuthana nalo, m'malo mwa `tf` pamaikidwa `1 + log10(tf)` pa liwu lililonse lomwe lapezeka. Zikatero chikalata chachitatu chimatsika kufika pa 2.48, choyamba chimapeza 3.90, ndipo chachiwiri chimatsogolanso ndi 4.88.

Vuto lachiwiri ndi kutalika. Chikalata chachitali chimakhala ndi mpata wotchula liwu kambiri ngakhale nkhani yake ili ina. Njira ya BM25, yomwe Stephen Robertson ndi anzake anaikonza m'zaka za m'ma 1990 pa makina a Okapi ku London, imakonza mavuto onse awiri. Nambala ya `k1`, yomwe kawirikawiri imakhala 1.2, imaika malire pa phindu la kubwereza, ndipo `b`, yomwe imakhala 0.75, imachepetsa malikisi a zikalata zotalika kuposa zinzake. Pulogalamu ya Apache Lucene inayamba kugwiritsa ntchito BM25 ngati njira yake yokhazikika mu 2016.

Vuto lachitatu limakhudza zilankhulo monga Chichewa, zomwe mawu ake amasintha kumayambiriro. Makina amaona "munda", "minda" ndi "kumunda" ngati mawu atatu osiyana, ndipo lililonse limaoneka losowa kuposa momwe lilili. Wofufuza "munda" sangapeze chikalata chomwe chalemba "minda" pokhapokha mawuwo atayamba abwezeredwa ku tsinde limodzi asanawerengedwe.

Pomaliza, malikisi a TF-IDF amagwira ntchito poyerekeza zikalata pa funso limodzi komanso m'nkhokwe imodzi. Zikalata zatsopano zikalowa, `N` ndi `df` zimasintha, choncho chikalata chomwecho chingapeze malikisi ena pa funso lomwelo.